Zaka zitatu pa nkhani imodzi: ndilembe chiti m'notsi zanga?

"Moni akulu. Ndili chaka choyamba ku koleji ndipo mayeso a mbiri ya Malawi ayandikira. Pa za chaka chomwe dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi, masilaidi a aphunzitsi akuti 1891, buku likuti 1907, pomwe notsi za mnzanga zili ndi 1889. Zosemphana zotere ndi zambiri. Ndikhulupirire ziti polemba notsi zanga zomaliza?"

Musafufute kaye chaka chilichonse, chifukwa zonse zitatu n'zoona. Chilichonse chikuyankha funso lakelake.

Mu 1889 John Buchanan, yemwe ankagwirizira udindo wa kazembe wa Britain, analengeza kuti dera la mapiri a ku Shire lili pansi pa chitetezo cha Angerezi. Nthawiyo Apwitikizi, motsogozedwa ndi Serpa Pinto, ankakwera mtsinje wa Shire. Linali dera la kum'mwera lokha, osati dziko lonse. Mu 1891 chitetezocho chinafalikira mpaka kumadera a kumadzulo kwa nyanja, ndipo Harry Johnston ndiye anaikidwa kukhala bwanamkubwa. Mu 1893 dzikoli linatchedwa British Central Africa Protectorate, ndipo mu 1907 dzinalo linasinthidwa kukhala Nyasaland. Ndiye mnzanuyo analemba chiyambi, aphunzitsi anapereka chaka chomwe utsamunda unakhazikika, buku likunena za dzina.

Chomwe chakusokonezani n'chakuti munaona manambala atazulidwa m'ziganizo zawo. Silaidi imafupikitsa dala. Mawu otsalawo aphunzitsi amanena pakamwa. Mnzanu naye amalemba mothamanga, amagwira nambala n'kusiya mawu oizungulira. Choncho mukapeza kusemphana, tsegulani buku muwerenge ndime yonse, ngakhalenso yam'mbuyo mwake, muone mneni amene wamangiriridwa ku chakacho. "Linalengezedwa", "linakulitsidwa" ndi "linatchedwa" si chinthu chimodzi. Chimodzimodzinso 1964 ndi 1966: tsiku ndi lomwelo la 6 Julaye, koma china ndi cha ufulu wodzilamulira, chinacho ndi chomwe dziko linakhala lipabuliki.

Ine ndimatenga kope latsopano n'kulemba mfundo iliyonse ngati chiganizo chathunthu, kenako kumapeto ndimaika kalemba kosonyeza kumene ndaitenga: S ngati ndi silaidi pamodzi ndi nambala yake, B ndi tsamba la buku, M ngati ndi ya mnzanga. Mzere wanu ungaoneke chonchi: "1907, dzina lisintha kukhala Nyasaland, B" kutsatira tsamba lake. Mfundo yomwe ili ndi M yekha ndimailemba ndi pensulo. Imalowa inki pokhapokha ndaipezanso kwina. Zimadya nthawi, sindikana, koma usiku woti mawa ndi mayeso simuyambanso kufunsa kuti kodi ichi ndinachitola kuti.

Sikuti nthawi zonse onse amakhala olondola ayi. Nthawi zina buku limangokhala lakalamba. Lina lidzakuuzani kuti Amalawi alipo pafupifupi 13 miliyoni, pomwe silaidi ikuti 17.5 miliyoni. Loyambalo latenga kalembera wa 2008, silaidi yatenga wa 2018. Yang'anani kuseri kwa tsamba loyamba la bukulo muone chaka chomwe linasindikizidwa, ndipo m'notsi mwanu nambala yotere isamayende yokha, iziyenda ndi chaka chake.

Kulakwitsa kwenikweni kumadziwika ndi kusagwirizana ndi mfundo zoyandikana nazo. Ndinaonapo notsi zolembedwa kuti John Chilembwe anaukira atsamunda mu 1951. Manambala anangotembenuka, chaka chake ndi 1915. Simufunika laibulale kuti muzigwire: Chilembwe anadandaula za Afirika omwe ankafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe inayamba mu 1914, ndiye 1951 singakwanepo. Chenjeraninso ndi notsi zokoperana. Anzanu asanu akakhala ndi nambala yofanana, mwina onse anakopera kwa munthu mmodzi, ndipo mboni yake ndi imodzi basi.

Zikatsala zomwe silaidi ndi buku zikutsutsana ndithu pa funso limodzi, pitani nazo kwa aphunzitsi. Musakafunse kuti "cholondola n'chiti?" chabe. Nyamulani bukulo, chala chili patsamba, munene kuti, "Aphunzitsi, silaidi yanu yakuti ikunena izi, koma apa palembedwa izi." Aphunzitsi nawonso amaphonya potaipa, ndipo ambiri amakonza msanga akaonetsedwa mwaulemu.

Pa mayeso anuwa, funso likakhala la chaka chomwe dziko linakhala pansi pa chitetezo cha Britain, lembani 1891. Likakhala lofuna kufotokoza, yambirani pa Buchanan mu 1889 mutsike nazo mpaka pa dzina la Nyasaland mu 1907.