Lendi, magetsi ndi malipiro a manijala: pulojekiti iliyonse ilipire zingati?

"Ndimagwira za ndalama pa kabungwe kena pa Boma ku Mangochi. Tili ndi mapulojekiti atatu: ya asodzi a ku Malombe, ya maphunziro a atsikana ku Namwera ndi ya zakudya ku Makanjira, iliyonse ndi wothandiza wakewake. Lendi ndi K600,000 pamwezi, magetsi K160,000, malipiro a manijala K1,500,000. Takhala tikugawa patatu mofanana, koma odita akana, ati palibe umboni. Tigawe bwanji kuti asatibwezerenso?"

Zikomo mayi polemba. Odita aja sanalakwe, ndipo ndikhulupirira kuti pofika kumapeto muona nokha amene wakhala akupsinjika ndi kagawidwe kofananako. Wothandiza aliyense anavomera kulipira zimene ntchito yake yadya basi. Choncho muyeso wogawira uyenera kutsata chimene chikupangitsa kuti ndalamayo ituluke. Lendi imabwera chifukwa cha malo, magetsi amatha chifukwa cha anthu ndi zipangizo zoyaka, pomwe malipiro a manijala mumalipira nthawi yawo. Poti zoyambitsa zake ndi zitatu, miyeso nayonso ikhale itatu. Manambala a zipinda, anthu ndi maola amene ndigwiritse ntchito m'munsimu ndi ongoyerekeza, inu muikemo anu enieni.

Lendi ndiyo yosavuta. Bwerekani tepi kwa mmisiri, muyeze zipinda zonse, mujambule kapulani papepala, ndipo inu ndi manijala musaine ndi kulemba deti. Tinene kuti nyumba yonse ndi masikweya mita 120. Pulojekiti ya asodzi ikugwiritsa ntchito 40 chifukwa ili ndi sitolo yosungiramo zipangizo, ya maphunziro 24, ya zakudya 16. Zotsala 40 ndi za aliyense: khonde, chimbudzi, chipinda chamisonkhano, ofesi yanu ndi ya manijala. Malo a aliyensewa musavutike nawo, angotsata ena aja. Pa mamita 80 amene ali ndi eni ake, asodzi atenga theka, maphunziro magawo 30 pa 100, zakudya 20. Ndiye kuti K300,000, K180,000 ndi K120,000. Muyeso umenewu ukhala choncho mpaka tsiku limene wina asamuke chipinda.

Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Ngati pulojekiti ina ikutha pakati pa miyezi imeneyo, musaisenzetse miyezi imene idzakhale itatseka kale, ngakhale ndalamayo yatuluka lero. Odita amayamba kuyang'ana pamenepo.

Pa magetsi yambani mwafunsa ngati pali chipangizo chimodzi chodya kwambiri chimene chili cha pulojekiti imodzi. Ku Mangochi, ndi kutentha kwa mu Okutobala kuja, kawirikawiri chimakhala filiza yoyaka usana ndi usiku. Tinene kuti a zausodzi ali nayo m'sitolo mwawo. Poti mita ya ESCOM ndi yogula mayunitsi, kuyeza n'kosavuta. Lachisanu poweruka 5 koloko zimitsani zonse kupatula filizayo, mulembe mayunitsi amene akuoneka pa kabokosi. Lolemba 8 koloko m'mawa muwerengenso. Apo papita maola 63. Ngati mayunitsi atsika ndi 9, filizayo ikudya pafupifupi 100 pamwezi. Sankhani sabata imene magetsi sanazimezime, apo ayi chiwerengero chichepa, ndipo ngati nyale za alonda zinali zoyaka muchotsepo gawo lake. Ofesi ikamatha mayunitsi 400 pamwezi, filiza yatenga gawo limodzi mwa anayi, K40,000, ndipo imeneyi ipite yonse kwa asodzi. K120,000 yotsalayo igawidwe potsata anthu okhala pa ofesipo, chifukwa ndiwo amayatsa mafani, makompyuta ndi pulinta. Akakhala atatu a asodzi, asanu a maphunziro ndi awiri a zakudya, zikhala K36,000, K60,000 ndi K24,000. Mlangizi amene amakhala ku Makanjira mwezi wonse, n'kumangobwera kudzapereka lipoti, musamuwerengere.

Mwina wina pa bodi anena kuti zonsezi n'zochulukitsa pa bilu ya K160,000. Akunena zoona pang'ono. Filiza ikapanda kukhalapo, gawani magetsi ndi muyeso wa anthu basi, musapitirire apo.

Ndalama yaikulu ili pa manijala, ndipo mabungwe ambiri amagwa pomwepa. Choyamba, chogawa si K1,500,000 yokha. Onjezani zonse zimene bungwe limalipira chifukwa cholemba munthuyo ntchito, monga penshoni ya olemba ntchito ya magawo 10 pa 100, yomwe ndi K150,000. Zikhala K1,650,000. Ngati mumawalipiriranso zachipatala, ziloweremo.

Chachiwiri, umboni wa nthawi ndi taimushiti yolembedwa ndi mwini wake tsiku ndi tsiku, yosainidwa ndi wapampando wa bodi kapena amene ali pamwamba pawo kumapeto a mwezi. Isakhale yovuta: deti, maola, pulojekiti, ndi mawu awiri atatu onena chimene chachitika, monga "msonkhano ndi komiti ya asodzi" kapena "kuwerenga lipoti la Namwera". Ndikudziwa kuti kuuza bwana kuti azilemba maola awo si nkhani yophweka kwa inu amene muli pansi pawo. Atengereni kalata ya odita ija, muwaonetse kuti malipiro awo omwe ndiwo ali pa chiopsezo chokanidwa. Akamva zimenezo sazengereza.

Tinene mwezi uno agwira maola 160. Asodzi 30, maphunziro 60, zakudya 30. Maola 24 apita pa zoyendetsa bungwe lonse, monga kusaina macheke, msonkhano wa ogwira ntchito ndi kukaonekera ku khonsolo. Amenewa amapindulira mapulojekiti onse, ndiye atsate muyeso wa maola 120 aja: maphunziro theka, enawo kota kota. Maola 16 otsala anali kulemba pempho la ndalama kwa wothandiza watsopano. Apa chenjerani, chifukwa othandiza ambiri salola kuti ndalama zawo zilipire ntchito yosaka ndalama zina. Werengani mgwirizano uliwonse, ndipo ngati ukukana, maola amenewa, omwe ndi gawo limodzi mwa khumi, K165,000, alipiridwe ndi ndalama za bungwe lenilenilo. Pa K1,485,000 yotsala, maphunziro alipira K742,500, asodzi K371,250, zakudya K371,250.

Tsopano phatikizani. Zonse pamodzi ndi K2,410,000, ndipo pogawa patatu aliyense ankapereka pafupifupi K803,000. Kagawidwe katsopanoka kakupereka K747,250 kwa asodzi, K982,500 kwa maphunziro, K515,250 kwa zakudya, ndi K165,000 kwa bungwe. Ndiye kuti pulojekiti ya zakudya, yaing'ono pa zonse, yakhala ikulipira mopitirira ndi pafupifupi K288,000 mwezi uliwonse, pa chaka K3.4 miliyoni ndi kanthu. Ndalama imeneyo inayenera kugula mbewu kapena mafuta opitira ku Makanjira, koma yakhala ikulipirira ntchito ya ku Namwera ndi ntchito yosaka ndalama zina. Ichi n'chimene chimandipweteka pa kagawidwe kofanana: kamaoneka kachilungamo pamaso, koma wamng'ono ndiye amasenza.

Padzakhala chiyeso chogawa potsata kukula kwa bajeti, poti n'kosavuta ndipo safuna tepi kapena taimushiti. Ine sindikulimbikitsani, pokhapokha pa tinthu ting'onoting'ono tosowa muyeso wina, ngati sopo ndi shuga wa tiyi. Pulojekiti ikagula galimoto kapena kukumbitsa mijigo iwiri, bajeti yake imakwera kwambiri, koma sitenga chipinda chowonjezera ngakhale chimodzi. Komanso bajeti zili mu ndalama zakunja zosiyanasiyana. Kwacha itagwa ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, pulojekiti ya madola inaoneka yaikulu mwadzidzidzi poyerekeza ndi ya makwacha, pomwe ntchito pa ofesi sinasinthe.

Vuto lenileni mukumana nalo ndi ili. Bajeti ya maphunziro mwina inalemba kuti manijala ndi magawo 30 pa 100, koma taimushiti ikuonetsa 45. Simungalipiritse kuposa zimene anavomera popanda chilolezo, ndipo simungakankhire kusiyanako kwa azakudya chifukwa choti iwo ali ndi ndalama yotsala pa mzere wa malipiro. Njira ndi ziwiri: kulembera wothandizayo kupempha kusintha bajeti, mutaphatikiza mataimushiti a miyezi itatu ngati umboni, kapena bungwe lilipire lokha. Zikatembenuka, bajeti ikuti 30 koma agwira 20, lipiritsani 20. Bajeti ndi malire chabe, si chilolezo chotenga zonse. Ndipo lero lomwe tengani mabajeti atatuwo, muphatikize magawo a manijala. Akapitirira 100, ndiye kuti malipiro amodzi akulipidwa kawiri, ndipo limenelo ndi vuto loposa limene odita apeza.

Taimushiti yabodza siivuta kuizindikira. Mwezi uliwonse imatuluka ndendende monga bajeti, imalembedwa ndi cholembera chimodzi tsiku limodzi, ndipo imaonetsa bwana ali pa ofesi tsiku limene buku la galimoto likuti anali ku Monkey Bay. Ndiye za miyezi yapitayi musakhale pansi kupeka mataimushiti ndi kuikapo madeti akale. Tengani dayale ya manijala, buku la galimoto, maminitsi ndi mapepala a maalawansi, muyerekeze nthawi moona mtima, mulembe poyera kuti izi ndi zoyerekeza zochokera pa umboni wakutiwakuti, kenako mufunse odita ndi othandiza ngati angalandire. Ndalama imene pulojekiti ya zakudya inapereka mopitirira iyenera kubwezedwa, ndipo ndi bwino muyambe ndinu kunena.

Pa mapepala, lembani tsamba limodzi la ndondomeko: ndalama yanji, muyeso wanji, umboni uli kuti, ndani amawerengera, ndani amavomereza, ndi liti pamene muyeso umaonedwanso. Bodi ivomereze mu maminitsi, ndipo othandiza onse atatu alandire tsamba lomwelo. Lisiti yeniyeni ya lendi kapena ya mayunitsi ikhale mu fayilo imodzi, mutalembapo ndi inki magawo onse atatu ndi ndalama zake, kuti wina asailipiritse yonse kwina. Fayilo ya pulojekiti iliyonse itenge fotokope pamodzi ndi pepala lowerengera la mwezi umenewo. Ngati akaunti ya pulojekiti imodzi ndiyo yalipira lendi yonse, enawo abweze gawo lawo mwezi womwewo, chifukwa othandiza ambiri salola ndalama zawo kubwerekedwa ku ntchito ina.

Pulojekiti ya zakudya ikadzatha, mamita ake 16 aja sadzangogwera okha pa awiri otsalawo. Ngati chipindacho chatsekedwa, K120,000 ija ndi ya bungwe mpaka wina alowemo. Yambani kukambirana ndi bodi tsopano za komwe idzachokere, kapena mufunse eni nyumba ngati angalole kuti mubwereketse chipindacho kwa ena.