Mukagawa anthu m'magulu, yang'anani kaye ngati maguluwo akugwirizana

"Ndikuphunzira za umoyo wa anthu ndipo ndili mkati molemba kafukufuku wanga womaliza. Aphunzitsi amati konifaundingi ndi ifekiti modifikeshoni n'zosiyana, koma zonse timazipeza pogawa anthu m'magulu. Ndikagawa, ndidziwa bwanji kuti ndapeza chiti? Nanga ndilembe nambala iti mu lipoti?"

Mukagawa mumakhala ndi nambala zitatu: ya anthu onse musanawagawe, ya gulu loyamba, ndi ya gulu lachiwiri. Ophunzira ambiri amathamangira kuyerekeza magulu ndi nambala yosagawayo. Ine ndingakulangizeni kuti muyambe mwaiphimba ndi dzanja, muyerekeze magulu awiriwo okhaokha. Akafanana, mpamene mufunse ngati akusiyana ndi nambala yosagawa, ndipo akasiyana nayo ndiye kuti panali konifaundingi. Koma magulu akasiyana okhaokha, mwapeza ifekiti modifikeshoni, ndipo nambala imodzi singakwanenso kufotokoza zomwe zikuchitika.

Tione ndi kafukufuku weniweni. M'chaka cha 1986, Charig ndi anzake ku Britain anayerekeza njira zochotsera timiyala ta mu impso. Odwala 350 anachitidwa opaleshoni yong'amba, ndipo inayenda bwino kwa 273, omwe ndi 78 pa 100 alionse. Enanso 350 anachitidwa yobowola kabowo kakang'ono, ndipo inayenda bwino kwa 289, omwe ndi 83 pa 100. Mukagawa 273/350 ndi 289/350 mupeza RR, nambala yoyerekeza mwayi wochira wa njira ziwirizi, ya 0.94. Woona nambala imeneyi yokha anganene kuti kung'amba kukuchepekedwa.

Tsopano agaweni potengera kukula kwa mwala. Mwa omwe anali ndi timiyala tosafika masentimita 2, kung'amba kunathandiza 81 mwa 87 (93 pa 100), kubowola 234 mwa 270 (87 pa 100). RR ndi 1.07. Mwa omwe anali ndi miyala ikuluikulu, kung'amba kunathandiza 192 mwa 263 (73 pa 100), kubowola 55 mwa 80 (69 pa 100). RR ndi 1.06. Magulu awiriwa akugwirizana kuti kung'amba kuli patsogolo pang'ono, ndipo onse akutsutsa 0.94 uja.

Palibe matsenga apa. Miyala yovuta yambiri inali m'gulu la ong'ambidwa: mwa odwala 350 ong'ambidwa, 263 anali ndi miyala ikuluikulu, pamene mwa obowoledwa analipo 80 okha. Mwala waukulu ndi wovuta kuchotsa ndi njira iliyonse, choncho njira yong'amba inasenza mlandu wa kukula kwa mwala. Kukula kwa mwalako ndiye konifaunda, chifukwa kukukhudza kasankhidwe ka opaleshoni, kukukhudzanso kuchira pakokha, koma sikuti opaleshoniyo ndi imene inakulitsa mwala. Mfundo yomalizayi musaiiwale. Mukamafufuza ngati kunenepa kwambiri kumadzetsa sitiroko, n'kugawa anthu potengera kuthamanga kwa magazi, nambala itsika ndithu, koma mwangotseka njira imene kunenepako kumadzera. Tebulo silingakuuzeni zimenezi. Mumadziwa ndinu, pomvetsa momwe matendawo amayambira.

Poti magulu agwirizana, n'zololedwa kuwaphatikiza ndi njira ya Mantel-Haenszel, yomwe imapatsa gulu lililonse mphamvu molingana ndi anthu ake. Ndi nambala zapamwambazi mupeza 1.07, ndipo iyi ndiyo yolemba mu lipoti, pambali pa 0.94 kuti owerenga aone pomwe mwachokera. Ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta ya Stata:

```
cs chira opaleshoni, by(mwala)
```

Ikupatsani RR ya gulu lililonse, kenako mizere ya `Crude`, `M-H combined` ndi `Test of homogeneity`. Ambiri amati nambala ikasuntha ndi 10 pa 100 kapena kuposerapo ndiye kuti konifaundingi ilipo. Ndi chizolowezi chabe cha ofufuza, osati lamulo, koma n'chabwino kusiyana ndi kusakasaka `p`, chifukwa konifaundingi ilibe `p` wake.

Ifekiti modifikeshoni ndi nkhani ina. Si cholakwika cholowa mu kafukufuku, koma ndi momwe zinthu zilili m'matupi a anthu. Mankhwala a malungo a pirimakwini amatha kuswa maselo ofiira a magazi mwa anthu operewera G6PD, chinthu cha m'thupi chomwe chimateteza maselowo, pamene ena amamwa popanda vuto lotere. Ngakhale mutachita maere posankha omwa ndi osamwa, kusiyanaku kukhalapobe, pamene maere ochitika bwino pa anthu ambiri akanathetsa vuto la miyala lija. Kuphatikiza magulu awiriwa kukhala nambala imodzi n'kubisa chinthu chomwe dokotala amafunitsitsa kudziwa.

Pali msampha umodzi womwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa umakola ngakhale akatswiri. Mu 1979, Hammond, Selikoff ndi Seidman anafalitsa imfa za khansa ya m'mapapo pakati pa amuna ogwira ntchito ndi asibesitosi ku United States ndi Canada, poyerekeza ndi amuna ena. Pa anthu 100,000 pachaka, osasuta komanso osagwira asibesitosi ankafa 11.3, osasuta koma ogwira asibesitosi 58.4, osuta okhaokha 122.6, osuta ndi kugwira asibesitosi 601.6.

Funso ndi ili: kodi kusuta fodya kumasintha mphamvu ya asibesitosi? Mukagawa nambala, mwa osasuta 58.4/11.3 ndi pafupifupi 5.2, mwa osuta 601.6/122.6 ndi pafupifupi 4.9. Zikufanana, ndipo munganene kuti palibe kusintha. Koma mukachotsera, mwa osasuta asibesitosi akuonjezera imfa pafupifupi 47, pamene mwa osuta akuonjezera 479. Kuchuluka kakhumi! Nambala ndi zomwezo, mayankho awiri, ndipo onse ndi oona. Kuchulukitsa kasanu ngozi yaing'ono ndi kuchulukitsa kasanu ngozi yaikulu sikubweretsa maliro ofanana. N'chifukwa chake musamangolemba kuti "palibe ifekiti modifikeshoni" osanena kuti mwayeza pogawa nambala kapena pozichotsera. Kwa woteteza umoyo wa anthu, kwa ine kuchotsera ndiko kumalankhula momveka, chifukwa kumasonyeza komwe imfa zambiri zingapewedwe.

Chinthu chimodzi chikhoza kubweretsa zonse ziwiri, konifaundingi ndi ifekiti modifikeshoni. Msinkhu umakonda kutero. Zikatero lembani nambala za gulu lililonse padera. Mkati mwa gulu, konifaundingi ya chinthu chomwe mwagawiracho imakhala itachepa kale, ngakhale singatheretu ngati magulu ndi otambalala kwambiri, monga kuika wazaka 41 ndi wazaka 79 pamodzi.

Kunena zoona, zanu sizidzatuluka zoyera ngati 1.07 ndi 1.06. Mwina mudzapeza 1.8 ndi 2.6 pa anthu ochepa, n'kuyamba kudabwa. Apa yang'anani malire a `95% CI` a gulu lililonse ndi kuchuluka kwa odwala m'kabokosi kalikonse ka tebulo. Ngati kabokosi kena kali ndi anthu atatu, munthu mmodzi akhoza kutembenuza nambala yonse. `Test of homogeneity`, yomwe imayesa ngati magulu akufanana, nayo imafooka pa anthu ochepa, moti `p` wamkulu sakutanthauza kuti magulu ndi ofanana. Mwina anthu sanakwane kuti kusiyana kuoneke. Mbali inayo, mukagawa potengera zinthu makumi awiri, chimodzi chikhoza kuoneka chosiyana mwamwayi chabe. Choncho ndimakhulupirira kwambiri kusiyana komwe munakulemba mu pulotokolo musanaone deta, komwenso kuli ndi chifukwa chomveka monga cha G6PD. Kusiyana komwe mwangokupeza posanthula, kuikeni mu tebulo ndi malire ake, ndipo mulembe poyera kuti simunakukonzekere.