Apongozi akayamba kujeda mkazi wa alamu anu

"Ndikapita kumudzi, apongozi anga amandiitanira pakhonde n'kuyamba kunena mkazi wa alamu anga, ati ndi waulesi ndipo akudya ndalama za mwana wawo. Sindifuna kuthirirapo ndemanga, koma ndikuopanso kuwakhumudwitsa. Ndiziwayankha bwanji?"

Mayi, ambiri amaganiza kuti kukhala chete n'kokwanira. Ayi. Pakhonde palibe amene amakhaladi chete. Mumagwedeza mutu, mumati "eee", mumati "ayi ndithu", poti ndiwo ulemu umene tinaphunzitsidwa wamkulu akamalankhula. Tsiku loti awiriwo akangana, "eee" uja amasanduka umboni: "Ngakhale mnzako wa kutauni anavomereza." Inuyo muli kutali, simungadziteteze. Paja akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Ndiye muyezo wake ndi uwu: nenani zokhazo zimene zitakafika kwa mnzanuyo monga mwazinenera, mungakumane naye pachitsime osagwetsa nkhope.

Kuwadzudzula ndiye musayerekeze. "Amayi, miseche ndi tchimo" ndi mawu oona, koma ochokera kwa mpongozi wamng'ono amamveka ngati mwano, ndipo mawa wojededwa mukhala inuyo. Kumuikira kumbuyo mnzanuyo mwamphamvu nakonso kumangokoleza moto, chifukwa apongozi amayamba kufukula zakale kuti akutsimikizireni. Ndipo chonde, nkhani zotere musamaziyankhe pa WhatsApp. Mawu ojambulidwa amatumizidwa kwa ena mmene alili, mwinanso atadulidwa poyambira. Anthu amadana zaka chifukwa cha kauthenga ka theka la mphindi.

Komanso tisanamizane, miseche yambiri ya apongozi imakhala dandaulo lovala chitenje cha mnzake. Akamati "akudya ndalama za mwana wanga", kawirikawiri akutanthauza kuti feteleza sanagulidwe kapena mwana wawo wasiya kuwayendera. Yankhani dandaulolo, munthuyo mumusiye. Akati, "Uja ndi waulesi, munda wonse thengo," inu muti, "Pepani amayi, zikukusowetsani mtendere. Nanga chaka chino kupalira mwafika pati?" Mwawamvera, simunagamule mlandu, ndipo nkhani yalowa kumunda. Akakupanikizani kuti "Nanga iwe ukuona bwanji?", muti, "Ine za m'nyumba mwawo sindikuzidziwa bwino, amayi." Munene kamodzi, mofatsa, osawonjezera "koma". Akabwereza kachitatu, dzukani ndi chifukwa chenicheni, monga kukaona ndiwo pamoto kapena kukatunga madzi.

Funso loti "Mwalankhula nawo eni ake?" limagwira ntchito, koma lifunseni ngati mukufunadi kuthandiza. Likatuluka ndi kamwano, amalimva msanga.

Pali nkhani zina zimene si miseche: ana akugona ndi njala, wina akumenyedwa. Zimenezo musazizembe. Auzeni amuna anu, zipite kwa ankhoswe. Zina zonsezi zithere pakhondepo. Mukakamuuza mnzanuyo kuti "amakunenatu", iye akapita kukafunsa, dzina loyamba kutchulidwa likhala lanu.