Buku likunena 100 lb-ft, sipanala ili mu Nm: ikani 136

"Akuluakulu, ndithandizeni. Galimoto yomwe ndagula inachokera ku Amereka, ndipo buku lake likuti manati a mawilo amangidwe pa 100 lb-ft. Sipanala yanga yoyezera mphamvu ili ndi manambala a Nm okha. Dzulo ndasintha matayala, ndinangoyiika pa 100 n'kumanga. Kodi ndi chimodzimodzi kapena ndalakwitsa?"

Achimwene, si chimodzimodzi ayi, ndipo ndikukupemphani kuti galimotoyo isapite ulendo wautali musanabwerere pa manatiwo. Mwawamanga mopelewera. Nambala yofunika pa sipanala yanuyo ndi 136, osati 100.

Chifukwa chake n'chakuti miyezo iwiriyi imayeza chinthu chimodzi, mphamvu yopotokola nati, koma ndi timiyezo tosiyana kukula. Mphamvu imeneyi imapezeka pochulukitsa kukankha kwa dzanja lanu ndi kutalika kwa chogwirira cha sipanala. Aku Amereka amawerenga kukankhako m'mapaundi, kutalikako m'mafiti, n'kulemba lb-ft. Mayiko ena ambiri amawerenga m'manyutoni ndi m'mamita, n'kulemba Nm kapena N·m. Kukankha kwa paundi imodzi ndi manyutoni 4.448, ndipo futi imodzi ndi mamita 0.3048. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza 1.356, ndipo nambala yokhayi ndi imene muyenera kuisunga m'mutu.

```
N·m   = lb-ft × 1.356
lb-ft = N·m × 0.738
```

Tsono 100 kuchulukitsa ndi 1.356 ikupereka 135.6, yomwe pa sipanala timangoti 136. Inu munaika 100 Nm, ndipo tikaibweza mmbuyo ikutuluka pafupifupi 74 lb-ft. Ndiye kuti nati iliyonse yasowa pafupifupi kota ya mphamvu imene opanga galimotoyo anafuna. Ndi dzanja simungamve kusiyana, natiyo imaoneka yolimba ndithu. Kusiyana kumadzaoneka pamsewu.

Ngati foni ili kutali ndipo manja ali bii ndi girisi, pali njira ya m'mutu imene ine ndimagwiritsa ntchito. Tengani nambala ya lb-ft, onjezani gawo limodzi mwa magawo atatu a nambala yomweyo, kenako muwonjezere 2 pa 100 iliyonse. Pa 100 mupeza 133, kuphatikiza 2 ndi 135. Pa 76, yomwe imalembedwa m'mabuku a magalimoto ang'onoang'ono ambiri a Toyota, mupeza 101 ndi kakang'ono, kuwonjezera pang'ono kaja mwafika pa 103, ndipo 103 N·m ndi yomwedi amalemba pambali pake. Ma Honda ambiri amanena 80 lb-ft, yomwe ndi 108 N·m. Chosaiwala n'chakuti nambala ya Nm imakhala yaikulu nthawi zonse kuposa ya lb-ft. Mukawerenga n'kupeza yaing'ono, mwagawa pomwe mumayenera kuchulukitsa.

Musanamange, tsegulaninso bukulo pa tsamba lomwe munapeza 100 ija. Kawirikawiri mzere womwewo umakhala ndi nambala ya N·m pambali. Ikakhalapo, tsatirani imeneyo ngakhale isiyane pang'ono ndi masamu athuwa, chifukwa ena amalemba 135, ena 140 pa 100 lb-ft yomweyo. Izi zisakudetseni nkhawa. Masipanala ambiri olira "khe" amatha kuphonya ndi 4 pa 100 iliyonse, zomwe pa 136 ndi pafupifupi 5 Nm mbali iliyonse. Kulimbana ndi 0.6 wa pa 135.6 n'kutaya nthawi, koma kusiyana kwa 100 ndi 136 ndi nkhani ina.

Muwerengenso bwino zilembo zotsatira nambalayo. Ena amalemba ft-lb, ena lbf·ft, ndipo zonsezi ndi chinthu chimodzi ndi lb-ft pa nkhani ya manati. Koma lb-in ndi china: imeneyo ndi ya timabawuti tating'ono, ndipo zimatengera 12 kuti zikwane lb-ft imodzi. Mabuku a magalimoto ochokera ku Japani nthawi zina amaika kgf·m, ndipo imeneyo mumachulukitsa ndi 9.81. Mwachitsanzo 10.5 kgf·m ndi 103 N·m yomwe ija.

Ndikhazikike pang'ono pa chifukwa chimene kupelewerako ndikukuopa. Wilo silimangidwa ndi nati yokha. Mukamanga nati, sitadi, bawuti yotuluka pa habu ija, imakokeka n'kutalika pang'ono kwambiri moti diso silingaone, ndipo imakhala ikufuna kubwerera ngati sipulingi. Kukoka kumeneku ndi komwe kumafinya rimu pa habu, ndipo kufinyako n'kumene kumanyamula galimoto. Mphamvu ikachepa, rimu imayamba kusuntha pang'onopang'ono pa mabampu, pokhota ndi poponda mabuleki. Kusunthako kumadya malo okhalapo nati, natiyo imamasuka kwambiri, kenako masitadi amayamba kupindika uku ndi uku mpaka kuthyoka. Zizindikiro zake zimadziwika: kugogoda kumene kumatsata kuzungulira kwa tayala, makamaka mukamachepetsa liwiro, chiwongolero kunjenjemera, ndi fumbi lakuda kapena timizere ta dzimbiri tochoka pa nati kulowera kunja kwa rimu. Mukachotsa wilo n'kupeza mabowo atayamba kutalika ngati dzira, rimu imeneyo yatha ntchito.

Kumanga mopitirira nakonso kumapha sitadi, ndipo kulakwitsa kumeneku kumachitika mukabwereka sipanala ya lb-ft n'kuikapo 136 poganiza kuti ndi Nm. Pamenepo mwamanga pa 184 Nm. Sitadi ikakokedwa kupitirira malire ake sibwereranso, imangotsala yotalika ndi yowonda pakati. Ine zinandionekera nditasinthitsa matayala pa galaja ina kumene anamanga ndi makina a mphepo osayeza. Patapita masabata angapo ndinaphwetsa tayala, nati imodzi inakana, ndipo nditalimbikira sitadi inaduka ngati karoti, theka lake n'kutsalira m'natimo. Pamalo podukapo mbali ina inali yakuda, kusonyeza kuti mng'alu unayamba kale, mbali ina yowala. Kuyambira tsiku limenelo ndimayesa nati iliyonse ndi zala. Ikamayenda bwinobwino kenako n'kulimba pakati pa mazinga isanafike pa rimu, ndimadziwa kuti sitadiyo yatalika kapena mazinga awonongeka, ndipo ndimasintha zonse ziwiri.

Tsono chochita pa galimoto yanu ndi ichi. Imikani pamalo athyathyathya, mawilo atazizira, kokani handibuleki. Popeza inu munapelewera, mukhoza kungoika sipanala pa 136 n'kuwonjezera, koma ngati mwayenda kale mtunda, ndi bwino kukweza ndi jeke, kumasula, n'kuona mabowo a rimu ndi kumbuyo kwake. Pukutani mchenga ndi dzimbiri pa nkhope ya habu, chifukwa kanthu kakang'ono kotsalira pamenepo kamadzaphwanyika pamsewu, wilo n'kukhala lomasuka ngakhale munayeza bwino. Mazinga akhale oyera ndi ouma. Apa ndikutsindika, chifukwa ambiri amapaka girisi kapena oyilo mwa chifundo kuti mawa nati isavute. Nambala ya m'buku inawerengedwa pa mazinga ouma, pokhapokha bukulo litanena zina. Gawo lalikulu la mphamvu ya dzanja lanu limathera polimbana ndi kukhulana kwa zitsulo. Mukapaka mafuta, kukhulanako kumachepa, ndipo 136 yomweyo imakoka sitadi kwambiri kuposa muyezo, sipanala ikulira pa nambala yolondola.

Lowetsani manati onse ndi zala kaye. Amangeni pang'ono wilo lili m'mwamba kuti rimu ikhale pakati, kenako tsitsani jeke mpaka tayala ligwire pansi osazungulira. Musamange motsatana mozungulira. Dumphani kupita kutsidya, ngati mukujambula nyenyezi pa wilo la manati asanu, kapena mtanda pa la anayi. Ulendo woyamba ikani cha pa 70, wachiwiri 136. Gwirani pakati pa chogwirira, kokani mofatsa osagwedeza, ndipo ikangolira "khe" siyani pomwepo. Kuiliza kawiri katatu kuti mtima ukhale pansi kumawonjezera mphamvu pang'onopang'ono. Nati iyenera kukhala ikuzungulira pamene sipanala ikulira. Ikalira natiyo isanasunthe n'komwe, simunayeze chilichonse, mwangodziwa kuti ili pa 136 kapena pamwamba pake, mwina kutali. Zikatero masulani pang'ono ndi wilosipanala wamba, muyambirenso. Sipanala yoyezerayo musamamasulire manati.

Poika nambala, yang'anani mizere ya pa thupi la sipanala ndi timanambala ta pa chogwirira. Ngati mizere ikupita 120, 130, 140 ndipo chogwirira chili ndi 0 mpaka 9, zungulizani mpaka mlomo wa chogwirira ufike pa 130 ziro ali pamzere wapakati, kenako pitirizani mpaka 6, mutseke loko. Tembenuzaninso sipanalayo muone kuseri, popeza ambiri amakhala ndi lb-ft mbali inayo. Ikapezeka, ikani 100 kumeneko basi. Chenjezo n'lakuti timanambala ta pa chogwirira timagwirizana ndi mbali imodzi yokha, ndipo mbali imeneyo mumaidziwa chifukwa manambala ake ndi athunthu, pomwe inayo imakhala ndi zidutswa monga 135.6. Onaninso kuti 136 ili mkati mwa muyezo wa sipanala yanu. Kasipanala kothera pa 110 sikangagwire ntchitoyi.

Ena amanena kuti ingopondani wilosipanala ndi phazi. Tiyeni tiwerenge. Munthu wa makilogalamu 70 akaima kunsonga kwa wilosipanala wa masentimita 40, ndi 70 × 9.81 × 0.4, zomwe zikupereka pafupifupi 275 Nm, kuwirikiza kawiri zimene galimoto yanu ikufuna. Akalowetsa chipaipi cha mita imodzi ndiye afika kufupi ndi 690. Masamu omwewa amathandiza tayala likaphwa panjira mulibe choyezera: pa wilosipanala wa masentimita 40, mukufunika kukankha kolingana ndi makilogalamu 35 kunsonga. Mangani ndi manja mwamphamvu, osadumphirapo, mukayeze mukafika.

Mukatha, yendani makilomita 50 mpaka 100, kenako mudutsenso pa nati iliyonse ndi 136 yomweyo, makamaka ngati marimu ndi a aluminiyamu kapena ndi atsopano. Imodzi ikasuntha pang'ono si zachilendo. Ikasunthanso pa ulendo wachitatu, chotsani wilo muone ngati manatiwo akugwirizana ndi rimu, chifukwa ena ali ndi mlomo wosongoka, ena wobulungira, ena wathyathyathya wokhala ndi washa, ndipo wolakwika sagwira pa nambala iliyonse. Sipanala mukamaisunga, bwezani chogwirira pa nambala yotsikitsitsa yolembedwa kuti sipulingi isatope. Nambala ya 136 Nm ilembeni pa kapepala, mumate mkati mwa buti pafupi ndi jeke.