Mpanda wa droni uzikhala m'droni momwemo

"Ndili ndi droni ya ArduPilot, ndimajambulira munda wanga wa soya kuno ku Chipata pafupi ndi msewu wa ku Lundazi. Ana anga nawonso amafuna kugwira limoti. Ndichite bwanji kuti isatuluke m'munda olo munthu aikankhire dala kumsewu?"

Akulu, chofunika ndi mpanda wosaoneka woikira droni malire, koma choyamba mpandawo usakhale mu foni ayi, uzikhala m'kabodi kamene kali m'droni, chifukwa siginolo ikaduka foni ilibenso mawu koma kabodi kamapitiliza kuyang'ana jipiyesi nkumaona ngati droni ikadali mkati.

Tiyerekeze msewu uli mamita 150 kuchoka pamene mumanyamukira. Mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Mission Planner ikani izi:

```
FENCE_ENABLE 1
FENCE_TYPE 3
FENCE_RADIUS 120
FENCE_ALT_MAX 60
FENCE_ACTION 1
```

3 ameneyo ndiye kuti mpanda wozungulira komanso denga, ndipo 1 womalizayo akuti ikabzola malire ibwerere yokha pamene inanyamukira, zikakanika itere. Pakati pa mpandawo ndi pamalo pamene mwalizira mamota, ndiye tsiku lina mukanyamukira pafupi ndi msewu mpanda nawo wasendera konko. Ngati mumasinthasintha malo bola kujambula malire a munda pa mapu, FENCE_TYPE ikhale 5.

Nanga bwanji 120 osati 150? Apa mpamene ambiri amalakwitsa, amaona ngati mpanda ndi chipupa. Mu modi ya Loiter, imene droni imaima malo amodzi mukasiya sitiki, AVOID_ENABLE ikakhala yoyatsa, droni imachepetsa liwiro yokha nkuima isanafike pamalire, mwana akankhe sitiki mpaka kumapeto iyo ingoti njo pomwepo. Mu Guided, modi yoituma podina pa mapu, mukadina malo a kunja kwa mpanda imakana lamulolo. Koma mu Stabilize, modi yoiyendetsa ndi manja okha, palibe choigwira, imayamba yadutsa kenako ndi pamene imatembenuka, ndiye taganizani ikuthamanga mamita 10 pa sekondi ndipo mabuleki ake amachotsa 2.5 pa sekondi iliyonse, itenga masekondi 4 ndi mamita 20 kuti iime, muonjezepo jipiyesi imene imaphonya ndi mamita angapo komanso mphepo ya mu Ogasiti ikuikankhira kumsewu, mamita 30 aja atha.

Ine ana sindingawasiyire Stabilize pa swichi ya limoti, chotsani ndithu mutsale ndi Loiter ndi RTL, modi yobwerera yokha pamene inanyamukira, basi. Chifukwa china nchakuti droni ikadutsa malire nkuyamba kubwerera, wogwira limoti akasintha modi amailandanso, ArduPilot imangomanga mpanda wina patsogolo pang'ono, ndipo akalimbikira mpaka mamita 100 kunja imatera pomwe ili. Pamenepo kwa inu ndi kutsidya kwa msewu.

Jipiyesi ikasokonekera m'mwamba mpandawo ulibe ntchito, droni sidziwa pomwe ili. Mukaona ikuzungulira yokha mu Loiter mabwalo akukulirakulira, kawirikawiri ndi kampasi imeneyo, iteretseni msanga.

Yesani kaye ndi FENCE_RADIUS 30 pakati pa munda, m'mwamba mamita 10, muikankhe pang'onopang'ono muone ngati ikuima. Ikaima ndiye mukweze kufika 120.