Chepetsani kaye kukula kwa chithunzi, Quality ibwere pambuyo

"Abale, ndajambula masatifiketi anga pa foni kuti nditumize pa imelo. Chithunzi chilichonse chikulemera 4 MB, koma iwo akufuna chosapitirira 500 KB. Ndatsitsa Quality mpaka pa 30, zilembo zayamba kufufutika. Ndiike pa nambala iti?"

Achemwali, ikani pa 80. Koma musanaikhudze nambalayo, yambani mwachepetsa mulitali ndi mulifupi mwa chithunzicho, chifukwa kulemera kwambiri kuli kumeneko.

Foni ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha timadontho 4000 mulitali ndi 3000 mulifupi, tonse pamodzi 12 miliyoni. Pepala loti munthu angoliwerenga pa kompyuta silifuna timadontho tochuluka chonchi. Poyamba dulani m'mbali, tebulo ndi zala zichoke, patsale pepala lokhalokha. Kenako pitani pa Resize n'kuika mbali yaitali pa 2000. Mukachepetsa mbali zonse ziwiri ndi theka, pa timadontho tinayi tilitonse pamatsala kamodzi, ndiye 12 miliyoni aja asanduka 3 miliyoni Quality musanaikhudze n'komwe. Mukasunga pa 80, pepala loyera la zilembo zakuda kawirikawiri limalowa pansi pa 500 KB, ndipo zilembo zimakhala zooneka bwino ngakhale atalisindikiza pa A4.

Pulogalamu ya Squoosh kapena GIMP imachita zonse ziwiri, Resize ndi Quality. Amene muli ndi ImageMagick pa kompyuta, mzere umodzi ukukwana:

```
magick satifiketi.jpg -resize 2000x2000 -quality 80 chotumiza.jpg
```

Chimene chaphwanya zilembo zanu pa 30 ndi kagwiridwe ntchito ka JPEG, njira imene mafayilo a .jpg amasungira zithunzi. Imagawa chithunzi m'timabokosi ta timadontho 8 mulitali ndi 8 mulifupi, ndipo m'kabokosi kalikonse imataya tinthu ting'onoting'ono tomwe diso silingatione msanga. Pa chithunzi cha mitambo kapena khoma, kutayako sikuoneka kwenikweni. Koma chilembo ndi malo amene chakuda chimakumana ndi choyera mwadzidzidzi, ndipo malire oterewa ndi amene amayamba kuonongeka. N'chifukwa chake mapepala amafuna nambala yokwererapo kusiyana ndi zithunzi wamba zotumizirana pocheza, zomwe pa 70 zimaoneka bwinobwino. Nambalayi si maperesenti ayi. Kuchoka pa 95 kufika pa 80 fayilo imapepuka kwambiri pomwe diso silikuona kusintha kwenikweni, koma mukadutsa 60 kupita pansi mumapulumutsa ma KB ochepa n'kuononga zambiri. Mapulogalamunso sawerengera mofanana, 80 ya ina singafanane ndendende ndi 80 ya inzake.

Ndiye musadalire nambala yokha. Tsegulani chomwe mwasungacho, chikuzeni mpaka 100%, n'kupita pamene pali tizilembo tating'ono kwambiri, monga nambala ya satifiketi kapena deti. Mukaona kautsi kozungulira zilembo, timabokosi pamalo oyera, kapena 3 akufuna kufanana ndi 8, mwatsitsa mopitirira. Muyang'anenso chidindo, makamaka chikakhala chofiira kapena chabuluu. JPEG nthawi zambiri imasunga mitundu mosalabadira kwambiri kusiyana ndi kuwala, choncho inki yofiira imayamba kumwazikira m'mbali zilembo zakuda zidakali bwino. Ine pa mapepala otere ndimayamba kuona chidindo ndi siginecha, chifukwa wolandirayo akazikayikira, pepala lonse walikayikira.

Chikapitirirabe 500 KB, tsitsani Quality pa 70. Chikakanabe, bwererani pa Resize muike 1600, koma Quality isatsikenso. Ndipo ngati munajambula usiku kapena m'chipinda chamdima, ingojambulaninso masana pafupi ndi windo. Kuwala kukachepa kamera imadzaza pepala ndi timachenga, JPEG n'kumavutika kutisunga ngati kuti ndi mbali ya chithunzi, fayilo n'kulemera pachabe.

Chonde, kuyesa kulikonse kuziyambira pa chithunzi choyamba chija cha 4 MB. Chomwe munasunga pa 30 chinataya kale zomwe chinataya, ndipo kuchisunganso pa 80 kungochilemeretsa popanda kubweza chilembo n'chimodzi chomwe. Sungani chatsopanocho ndi dzina lina kuti choyambacho chisafufutike.

Ngati zithunzizo muzisamutsa kuchoka pa foni kupita pa kompyuta kudzera pa WhatsApp, zitumizeni ngati Document. Mukazitumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imazichepetsa yokha osakufunsani, ndiye inu mukadzachepetsanso zikhala kuti zafinyidwa kawiri.