Kuzinga kapena kuzungulira: mawu oyenera powerengera mzere wa Nyquist

Funso: "Aphunzitsi, ndimathandiza ophunzira zauinjiniya ndipo nthawi zina ndimawafotokozera m'Chichewa. Pa njira ya Nyquist, makina akakhala osakhazikika paokha, ndizinena kuti mzere wazinga kadontho ka −1 kapena kuti wakazungulira? Nanga mbali yomwe mzerewo ukulowera ndiitchule bwanji? Ambiri akupeza yankho lolakwa."

Yankho: Nenani kuti wazungulira, Bambo, ndipo mawu akuti kuzinga muwasiyiretu pa phunziro limeneli. Kuzinga kumanena za mmene zinthu zakhalira: alenje akazinga thengo, nyama ili m'kati basi, ndipo palibe amene amafunsa kuti aizinga kangati kapena molowera kuti. Kuzungulira ndi ulendo, uli ndi koyambira, kolowera ndi chiwerengero chake, n'chifukwa chake timatha kunena kuti mwana wazungulira nyumba kawiri. Njira yoonera ngati makina akhazikika, imene Harry Nyquist anafalitsa mu 1932, imawerenga maulendo pamodzi ndi mbali yomwe akulowera, choncho mneni wopanda mbali amataya theka la nkhani.

Chithunzi chimene ndimachikhulupirira ndi cha mbuzi yomangidwa pachikhomo. Ikazungulira chikhomo katatu mbali imodzi kenaka n'kubwerera kawiri, chingwe chimatsala chitakulunga kamodzi kokha. Chimene timalemba ndi N ndi kukulunga kotsalako, osati maulendo onse asanu. Chikhomo ndi kadontho ka −1 pa mzere wopingasa, ndipo mbuzi ndi nsonga ya L(jω) pamene ω ikuyenda kuchokera ku −∞ kudutsa pa 0 mpaka ku +∞. Mukafuna dzina, nenani kuti "kuzungulira kumodzi". Mukafuna kunena zochitika, nenani kuti "wazungulira kamodzi". Onse awiri ndi olondola, kungoti loyambalo likugwirizana ndi ku- wa dzina pamene lachiwiri likuyankha funso lakuti kangati.

Pa za mbali, musanene kuti mzere wazungulira cha kumanja kapena cha kumanzere. Chinthu choyenda mozungulira chikamalowera kumanja chili m'munsi, chomwecho chimalowera kumanzere chikafika pamwamba, ndiye wophunzira aliyense amamva zake. Nenani kuti "motsata mivi ya wotchi" ndi "mobwerera mivi ya wotchi". Ndi mawu aatali ndithu, koma sasokoneza munthu.

Tsopano lamulo lake ndi Z = N + P. P ndi chiwerengero cha mapolo a L(s) amene ali kumanja kwa mzere woimirira, ndiye kuti mizu ya gawo la pansi la L(s) imene imachititsa makina kuthawa paokha, monga ndodo yoimika pachikhato imene imagwa dzanja likangoima. N ndi kuzungulira kotsala, ndipo kotsata mivi ya wotchi timakupatsa chizindikiro cha +, kobwerera timakupatsa −. Z ndi mapolo a kumanja amene atsala chowongolera chikalumikizidwa. Makina akhazikika pokhapokha Z = 0, kutanthauza kuti N = −P. Apa ndi pamene mawu akuti kuzinga amapweteka ophunzira anu. Iwo anazolowera makina okhazikika kale, a P = 0, kumene kadontho kakakhala kunja kwa mzere zinthu zili bwino, ndipo m'mutu mwawo mwakhazikika kuti kuzingidwa ndi ngozi. Pa makina a P = 1 zinthu zimatembenuka: mzere uyenera kuzungulira −1 kamodzi mobwerera mivi ya wotchi, ndipo ukapanda kutero makinawo athawabe.

Tiyeni tione ndi manambala. Titenge L(s) = K/((s − 1)(s + 3)). Polo imodzi ili pa +1, ina pa −3, choncho P = 1. Tikaika K = 6, pa ω = 0 tikupeza L = 6/(−3) = −2, ndiye ulendo ukuyambira kumanzere kwa chikhomo chathu. Pa ω = 1 tikupeza −1.2 − 0.6j, pa ω = 3 tikupeza −0.4 − 0.2j, ndipo ω ikamakulirakulira mzere umakathera pa 0. Wophunzira atsatire ndi chala: mzere wachoka pa −2, watsikira m'munsi, wadutsa pansi pa −1 ukulowera kumanja, wakafika pa 0. Limeneli ndi theka chabe la ulendo. Theka lina, la ω yochepera 0, ndi chithunzi chake cha m'galasi pamwamba pa mzere wopingasa, ndipo limachoka pa 0, kudutsa pamwamba pa −1, n'kukafika pa −2. Kumanzere, pansi, kumanja, pamwamba: uku n'kubwerera mivi ya wotchi kamodzi, choncho N = −1 ndipo Z = −1 + 1 = 0. Umboni wake ndi wosavuta, pakuti 1 + L(s) = 0 ikupereka s² + 2s + 3 = 0, ndipo mizu yake ndi −1 ± 1.41j, yonse ili kumanzere.

Tikatsitsa K kufika pa 2, ulendo ukuyambira pa −0.67 ndipo mzere wonse ukutsalira kumanja kwa −1. Wophunzira wa mawu akuti kuzinga adzasangalala kuti kadontho sikanazingidwe. Koma N = 0, Z = 1, ndipo s² + 2s − 1 = 0 ili ndi muzu pa +0.41, womwe ndi wa kumanja. Malire ali pa K = 3, pamene mzere umaponda pa −1 penipeni; pamenepo sitinena kuti wazungulira kapena sunazungulire, timati wadutsa pa kadontho, ndipo kuwerenga sikuthekanso. Onani kuti pa makina awa kuchepetsa K ndiko kumaononga, zomwe zikusemphana ndi chizolowezi chakuti K yaikulu ndiyo imasokoneza makina.

Amene ali ndi MATLAB angathe kuona mathekawa onse awiri ndi timivi tosonyeza kolowera:

```
nyquist(tf(6,[1 2 -3]))
```

Mzere ukakhala wopiringizika, wodzidutsa wokha kangapo, diso limanama. Jambulani kamzere kowongoka kuchokera pa −1 kupita kunja, mbali iliyonse imene mwakonda, ndipo muwerenge malo amene mzere wa Nyquist wakadutsa: kudutsa kotsata mivi ya wotchi ndi +1, kobwerera ndi −1, ndipo mukaphatikiza mwapeza N. Mu chitsanzo cha K = 6, kamzere kotsika pansi kamadutsidwa kamodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye −1 yemwe uja.

Chenjezo lina likukhudza mabuku. Ena amalemba Z = P − N chifukwa amawerenga kubwerera mivi ya wotchi kukhala +. Onse akunena chinthu chimodzi, koma wophunzira akatenga N wa buku lina n'kumuika mu lamulo la buku lina amapeza Z = 2 pamene yankho ndi 0. Ine ndingakonde kuti muziwauza alembe kaye chiganizo chathunthu, chakuti "mzere wazungulira −1 kamodzi mobwerera mivi ya wotchi", kenaka ndiye aike chizindikiro. Akapeza Z yochepera 0, adziwe kuti penapake palakwika, pakuti mapolo sangachepere 0: mwina atembenuza mbali, kapena aiwala kuwerenga polo ina ya kumanja mu P.